Nsomba zikayamba kufa m'damu, yambani mwayeza madzi

Mwezi wa Okutobala ukafika pakati, dzuwa litakhwima ndipo mitsinje ikuphwa, alimi ambiri a nsomba amayamba kuona chinthu chimodzimodzi. Akalawirira kudamu amapeza chambo chitayandama pamwamba, milomo ili yasa, ngati chikumwa madzi. Dzuwa likakwera pang'ono nsomba zija zimamira, damu n'kukhala bata. Mwinidamu amati zatha. Pakapita masiku awiri kapena atatu amapeza nsomba makumi angapo zili gada m'mbali mwa damu, ndipo zofazo n'zikuluzikulu zimene amayembekezera kugulitsa pa Khirisimasi.

Zikatere maganizo amathamangira kuwiri. Ena amati kwabwera matenda, n'kuyamba kufunafuna mankhwala. Ena amati alipo wanjiru amene wathira katupe kapena tameki usiku, ndipo chibale cha anthu oyandikana madimba chimasokonekera pomwepo. Zonsezi zimachitikadi, koma kawirikawiri chimene chapha nsombazo ndi madzi omwewo amene zakhalamo miyezi yonseyi. Madziwo angathe kuyezedwa, ndipo zotsatira zake zimaloza chimene chalakwika. Zoyenera kuyeza n'zitatu: mpweya wa okosijeni, amoniya ndi naitiraiti.

Mpweya umatha usiku

Nsomba imapuma okosijeni wosungunuka m'madzi, ndipo imamukoka kudzera m'makha, ziwalo zofiira zija zili m'mbali mwa mutu. Okosijeni wa m'madzi ndi wochepa kwambiri. Amayezedwa m'mamiligalamu pa lita imodzi, zimene pa zipangizo zimalembedwa mg/L. Madzi ofunda madigiri 20 amasunga mamiligalamu pafupifupi 9 pa lita, koma akafika madigiri 30 amangosunga 7 ndi theka. Kumalo okwera ngati Dedza, Mchinji kapena Mzuzu amasunga ocheperapo. Vuto lake n'lakuti madzi akatentha m'pamenenso thupi la nsomba limafuna mpweya wambiri. Chilimwe chimachepetsa mpweya pa nthawi imene ukufunika kwambiri.

Mpweya wambiri wa m'damu umapangidwa ndi ndere, tizomera ting'onoting'ono timene timapatsa madzi mtundu wobiriwira. Masana dzuwa likamawala ndere zimatulutsa okosijeni, mwakuti cha m'ma 3 koloko madzi amakhala atadzaza. Dzuwa likalowa zimasiya kupanga, koma sizisiya kupuma. Usiku wonse ndere, nsomba, ndiponso tizilombo timene timaoletsa manyowa ndi zakudya zotsalira pansi, zonse zimadya mpweya womwewo popanda wobwezera. Ndiye umatsika pang'onopang'ono mpaka m'bandakucha, pamene umakhala wochepetsetsa.

Chambo ndi makumba zimakula bwino okosijeni akakhala pa 5 kapena kupitirira. Akatsika pa 3 zimayamba kuchepetsa kudya. Akafika pa 1 zimakwera pamwamba kukasaka kampweya ka pamene madzi amakumana ndi mphepo, ndipo zikakhala choncho maola ambiri zimafa. Nsomba zamtundu wa chambo n'zopirira kuposa zina zambiri, ndipo kupirirako n'kumene kumanyenga mlimi. Zimapulumuka m'mawa uno ndi mawa lomwe, koma sizikula, ndipo thupi lake limafooka.

Pali zizindikiro zimene zimasiyanitsa kutha kwa mpweya ndi chiphe, ndipo n'zofunika kuzidziwa musanaloze munthu chala. Mpweya ukatha, nsomba zimafa usiku kapena m'bandakucha, zoyamba kufa zimakhala zazikulu, ndipo zotsala zimatsitsimuka dzuwa likatuluka. Zimaunjikana pamene madzi amalowera. Ngati m'damumo muli milamba, iyo imakhala bwinobwino, chifukwa mlamba uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja. Chiphe sichisankha nthawi. Chimapha ngakhale masana dzuwa lili pamutu, kawirikawiri chimayambira tiana, nsomba zimazungulira ndi kudumphadumpha mosokonekera, ndipo mbululu ndi tizilombo ta m'madzi nato timafa.

Poti mpweya umakwera ndi kutsika chonchi, nthawi yoyezera ndiyo nkhani yaikulu. Mlangizi akafika pa njinga yamoto 11 koloko n'kuviika makina ake, angapeze 7 kapena 8, n'kunena moona mtima kuti mpweya uli bwino. Sananame, koma wayeza nthawi imene vuto labisala. Okosijeni ayezedwe dzuwa lisanatuluke, padamu pomwepo. Madzi otungira m'botolo n'kupita nawo ku ofesi sangakuuzeni zoona, chifukwa mpweya umasintha m'njira.

Amene alibe makina ali ndi mkono wake. Lowetsani mkono m'madzi chikhatho chitayang'ana kumwamba. Chikamazimiririka madzi atafika m'chigongono, kubiriwira kuli pa muyezo wabwino, masentimita 30 mpaka 40. Chikasowa madzi atangopitirira pamfundo ya dzanja, ndere zachulukitsa, ndipo usiku zidzamaliza mpweya. Muzikhalanso tcheru kukachita mitambo masiku awiri kapena atatu otsatizana, poti ndere zimapanga mpweya wochepa. Mvula yoyamba yamphamvu nayo ndi yoopsa: madzi ake ozizira amamira, n'kutembenuza madzi a pansi opanda mpweya kuti asakanikirane ndi a pamwamba.

Amoniya: nambala imodzi siikwanira

Apa m'pamene anthu ambiri, ngakhale ogula zipangizo zoyezera, amasocherera.

Nsomba ikadya chakudya chomanga thupi, zotsalira zake zambiri zimatuluka ngati amoniya, ndipo zimatulukira m'makha momwemo. Manyowa, zitosi za nkhuku, feteleza wa yureya ndi chakudya choolera pansi zimawonjezera. Kilogalamu imodzi ya chakudya cha kufakitale, chokhala ndi zomanga thupi magawo 30 pa 100, imabweretsa amoniya wokwana magalamu pafupifupi 30. Madeya amabweretsa wocheperapo chifukwa zomanga thupi zake n'zochepa, ngakhale kuti akatsalira amadya mpweya wambiri poola.

M'damu lokumba pansi, amoniya wambiri amamwedwa ndi ndere ngati feteleza wake, ndipo wina amasinthidwa ndi mabakiteriya a m'matope. Zinthu zimayenda bwino malinga ngati wolowa sakuposa wochotsedwa. Zimasokonekera chakudya chikachuluka, nsomba zikaswana n'kudzadza damu, kapena ndere zikafa mwadzidzidzi. Mukaona madzi amene anali obiriwira asanduka abulauni kapena otuwa pa tsiku limodzi kapena awiri, dziwani kuti zomwa amoniya zija zafa, ndipo tsopano zikuola n'kumawonjezera wina.

M'madzi amoniya amakhala m'mitundu iwiri. Wina, amene amalembedwa NH4+, savulaza kwenikweni. Winayo, NH3, ndi chiphe: amadutsa m'makha mosavuta, amawatupitsa, ndipo amasokoneza ubongo wa nsomba. Zipangizo zambiri zoyezera, zija za timabotolo todonthezera m'kagalasi n'kufananitsa mtundu ndi pepala, zimawerenga mitundu iwiriyi pamodzi. Nambala imene mwapezayo siikuuzani kuti wakupha ndi wochuluka bwanji. Kuti mudziwe, muyenera kuyezanso zinthu ziwiri: kutentha kwa madzi, ndi pH, muyezo wosonyeza ngati madzi apendekera kowawasa kapena kwa chidulo. Pa muyezowu 7 ndiye pakati, ndipo nambala ikamakwera madzi akupita kwa chidulo.

Madzi akakhala pa madigiri 28 ndipo pH ili pa 7, amoniya wakupha safika ngakhale gawo limodzi pa 100. Pa pH 8 amakhala magawo 6 kapena 7. Pa pH 9 amapitirira magawo 40. Tsono m'damu lobiriwira kwambiri pH siikhazikika. Masana ndere zimamwa mpweya woipa umene umawawasitsa madzi, ndipo pH imakwera mpaka 9 kapena kupitirira. Usiku imatsikanso. Choncho damu lomwelo, lokhala ndi amoniya yemweyo, lingakhale labwino 6 koloko m'mawa koma lakupha 3 koloko masana. Onani kuti nthawiyi ndi yotsutsana ndi ya okosijeni. Nsomba ya m'damu lotere imabanika m'bandakucha, n'kudzapsa makha masana, ndipo ilibe nthawi yopumula.

Muyezo wake ndi wotere. Amoniya wakupha akapitirira 0.05 kwa nthawi yaitali, makha amayamba kuonongeka ndipo nsomba zimachepetsa kudya. Akakhala pa 0.2 kapena kuposa kwa milungu ingapo, zofooka ndi tiana zimayamba kufa imodziimodzi. Akafika pa 2, chambo chimafa chambiri m'masiku ochepa.

Naitiraiti ndi magazi abulauni

Mabakiteriya amene amachotsa amoniya amagwira ntchito m'magulu awiri. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, wolembedwa NO2. Lachiwiri limasandutsa naitiraitiyo kukhala NO3, amene alibe vuto kwenikweni ndipo zomera zimamudya. Magulu onsewa amafuna okosijeni, ndipo lachiwiri limachedwa kuswana. Amoniya akabwera wambiri nthawi imodzi, gulu loyamba limathamanga, lachiwiri n'kutsalira, ndiye naitiraiti amaunjikana. N'chifukwa chake amakonda kuonekera patapita masiku angapo vuto la amoniya litachitika, mlimi akuganiza kuti zoipa zadutsa. Amavutanso kwambiri m'mathanki a simenti ndi m'madamu oyala pulasitiki amene angoyamba kumene, poti mabakiteriya amakhala asanakhazikike.

Naitiraiti akalowa m'magazi amaononga mphamvu yake yonyamula okosijeni. Nsomba imabanika ngakhale madzi ali ndi mpweya wokwanira. Ngati nsomba zikuwefuka pamwamba masana dzuwa likuswa mtengo, makina n'kuonetsa okosijeni wa 7, kaikirani naitiraiti. Gwirani imodzi imene ikadali moyo, tukulani chivindikiro cha makha. Makha a nsomba yathanzi amakhala ofiira kwambiri. A nsomba yodwala naitiraiti amakhala abulauni, ndipo mukadula kumchira magazi ake amatuluka abulauni. Musayang'ane pa nsomba imene yafa kale maola angapo, chifukwa makha ake amakhala atasuluka. Pa zipangizo, naitiraiti ayenera kukhala pafupi ndi 0. Akafika pa 0.5 chitanipo kanthu.

Chothandiza pa vutoli chili m'khitchini. Naitiraiti amalowa m'thupi la nsomba kudzera pa khomo limene kuloraidi, mbali ina ya mchere wathu wa ndiwo, amalowera. Kuloraidi akachuluka m'madzi amatsekereza naitiraiti. Muyezo umene alimi a nsomba amatsata ndi magawo 10 a kuloraidi pa gawo limodzi la naitiraiti. Mcherewo suchotsa naitiraiti m'damu, umangoteteza nsomba podikira kuti mabakiteriya amalize ntchito yawo. Pa amoniya ndi pa kuchepa kwa mpweya, mchere wochepa chonchi suthandiza kanthu.

Tiwerengere limodzi damu limodzi

Tiyerekeze damu la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, lakuya mita imodzi tikafananiza mbali zonse. Muli malita 200,000. Mwiniwake anaikamo ana a makumba 1,000, kutanthauza nsomba 5 pa sikweya mita, pamene madamu ambiri a kumudzi opanda makina a mpweya amaikidwa ziwiri kapena zitatu. Pofika Novembala nsomba iliyonse ikulemera magalamu 130, zonse pamodzi makilogalamu 130, osawerengera tiana timene taswedwa momwemo. Akuzipatsa chakudya chogula chokwana magawo 3 pa 100 a kulemera kwake, makilogalamu pafupifupi 4 pa tsiku. Pofuna kuti zinenepe msanga, akuthiranso thumba la zitosi za nkhuku sabata iliyonse. Ngalande yolowetsa madzi yaphwa.

Makilogalamu 4 aja akubweretsa magalamu 120 a amoniya tsiku lililonse. Tikawagawa m'malita 200,000, ndi 0.6 pa lita tsiku ndi tsiku, zitosi zisanawerengedwe. Ndere zikadali moyo zikumwa wambiri. Kenaka kukuchita mitambo masiku atatu, mbali ina ya ndere ikufa, ndipo nsomba zazikulu 30 zikupezeka zakufa m'mawa.

Poyeza 5 koloko m'bandakucha, okosijeni ali pa 0.8, madzi ali pa madigiri 25, pH ili pa 7.5, amoniya yense ali pa 2. Pa pH ndi kutentha kumeneku wakupha ndi magawo osafika 2 pa 100, ndiye kuti 0.04. Chapha nsomba usikuwo ndi kusowa kwa mpweya, osati amoniya. Munthu akanalekera pomwepa akanati amoniya alibe mlandu.

Poyezanso 3 koloko masana, mitambo itachoka, okosijeni wakwera kufika pa 9, madzi ali pa madigiri 30, ndipo ndere zotsala zakweza pH kufika pa 9. Amoniya yense akadali pa 2, koma wakupha tsopano ndi magawo 45 pa 100, ndiye kuti 0.9. Wachuluka koposa ka 20 poyerekeza ndi m'mawa, popanda chilichonse chothiridwa m'damu. N'chifukwa chake nsomba zotsala zikukana chakudya masana ngakhale mpweya ulipo. Makha ake ootchedwa ndi amoniya adzalepheranso kukoka kampweya kochepa ka usiku ukubwerawo, ndipo zakufa za mawa zidzaposa za lero.

Chochita choyamba ndi kusiyiratu kudyetsa, ndipo ichi ndi chimene alimi amakana kwambiri, poti amaona ngati nsomba yodwala ifunika kudya kuti ipeze mphamvu. Chambo chingakhale masiku atatu, ngakhale sabata, osapatsidwa chakudya, osafa. Nsomba yokhuta imafuna mpweya wochuluka pogaya chakudya, ndipo chimene yasiya chimakaola pansi. Manyowa ndi feteleza nazo ziime. Zakufa zivuulidwe n'kukwiriridwa kutali. Kenaka chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, makamaka a pansi, n'kulowetsa atsopano. Ngati mukupopa a pachitsime kapena a pamjigo, agwere kaye pa miyala kapena pa lata kuti amwazike, chifukwa madzi a pansi pa nthaka amabwera ndi mpweya wochepa. Amene ali ndi pampu ya m'dimba angathe kupopa madzi a pamwamba pa damu lomwelo n'kuwaponya m'mwamba kuti agwerenso momwemo, kuyambira pakati pa usiku mpaka dzuwa kutuluka. Musalowe m'damu kukavundula matope, poti m'menemo ndimo muli zoola zonse.

Chimodzi choti mupeweretu ndi laimu. Ambiri anamva kuti laimu amapha tizilombo m'damu, ndipo n'zoona kuti amathandiza pokonza damu louma nsomba zisanaikidwe. Koma laimu, makamaka wootcha uja wopakira nyumba, amakweza pH. Kumuthira m'damu limene amoniya ali pa 2 ndiko kusandutsa amoniya wosavulaza uja kukhala chiphe. Phulusa nalo limachita chimodzimodzi.

Patapita sabata, amoniya watsika kufika pa 0.5, koma naitiraiti wakwera kufika pa 2 ndipo makha a nsomba zina ayamba kuda. Kuloraidi wofunika ndi 20 pa lita. Poti mchere uli ndi kuloraidi magawo 60 pa 100, pafunika magalamu 33 a mchere pa malita 1,000 alionse. Pa damu lonseli ndi makilogalamu pafupifupi 7. Usungunuleni kaye m'ndowa, n'kuwaza mozungulira damu lonse. Mukadzasinthanso madzi, mbali ina ya mcherewo idzapita nawo, ndiye mudzawonjezere molingana.

Zonsezi zimapulumutsa nsomba sabata imeneyo, koma gwero lake silinachoke. Damu ili lanyamula katundu woposa mphamvu yake. Popanda makina a mpweya kapena madzi oyenda, makilogalamu 4 a chakudya pa tsiku ndi ambiri pa masikweya mita 200. Madzi akakhazikika, mwinidamu akolole nsomba zazikulu zina n'kugulitsa, achotseko tiana, ndipo ayambirenso kudyetsa ndi theka la muyezo wakale. Kugulitsa nsomba ya magalamu 130 lero kumapweteka mtima, koma kuli bwino kuposa kukwirira ya magalamu 200 mwezi wamawa.

Pamene kuyeza madzi kumalekezera

Sikuti imfa iliyonse ya nsomba ndi ya madzi. M'chaka cha 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, amene amayamba ndi mtundu wina wa nkhungu ya m'madzi ndipo amakula nyengo yozizira. Nsomba zikakhala ndi zilonda zofiira zakuya pathupi, nkhaniyo ndi yokanena msanga ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu, ndipo nsombazo, maukonde ake ndi madzi ake zisapite ku damu lina. Ngakhale pamenepo kuyeza madzi sikutaya nthawi. Mabakiteriya ndi tizilombo tambiri toyamwa pakhungu timakhala m'damu nthawi zonse osavulaza, ndipo timapeza mpata nsomba ikafooka ndi mpweya wochepa kapena makha ake akaonongeka. Mankhwala othiridwa m'madzi oipa amangotha ndalama, ndipo ena amapha ndere ndi mabakiteriya othandiza aja, vuto n'kukula.

Zipangizo nazo zinganame. Mankhwala a m'timabotolo amatha mphamvu, makamaka akasungidwa potentha, choncho onani tsiku lolembedwa pabokosi. Kagalasi katsukidwe ndi madzi a m'damu lomwelo, osati ndi sopo. Madzi oyeza atungidwe mkono utamira mpaka m'chigongono, kutali ndi polowera madzi, ndipo ngati ndi obiriwira kwambiri asefedwe pa kansalu koyera kuti mtundu uoneke bwino. Dikirani mphindi zimene pepala lanena, ndipo fananitsani mtunduwo pa kuwala kwa kunja koma pamthunzi. Chilichonse mwapeza lembani m'kope pamodzi ndi tsiku ndi ola. Mlangizi, kapena katswiri wa ku Domasi kapena ku Bunda, mukamuuza kuti amoniya anali pa 2, funso lake loyamba lidzakhala la pH ndi nthawi imene munayeza.

Makina a okosijeni ndi okwera mtengo kwa mlimi mmodzi, koma zoyezera amoniya, naitiraiti ndi pH, pamodzi ndi kachipangizo koyezera kutentha, kalabu ya alimi khumi ingathe kusonkherana n'kumabwerekana. Inu a m'makalabu, gulani zimenezi chilimwe chisanafike, ndipo musankhe munthu mmodzi woti aphunzire kuziwerenga bwino. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika, aliyense azifika padamu pake dzuwa lisanatuluke, ndipo tsiku limene wapeza nsomba zili pamwamba, asadyetse.